Mwana Amene Anakana Kumwa Mayi Ake

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ndi mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya pulayimale imene ili kuseri kwa msika, ndipo ana amamutcha Molekyulu. Dzinali linamukhala pa zifukwa ziwiri. Choyamba, munthuyu ndi wochepa thupi moti akaima chammbali m'kalasi ana amayamba phokoso poganiza kuti aphunzitsi atuluka. Kukakhala mphepo mkazi wake amamuikira miyala m'matumba a thalauza. Chachiwiri, chaka chilichonse kukatentha kwambiri mvula isanayambe, amaima kutsogolo kwa ana a kalasi yachisanu n'kuleka kukhala munthu. Amasanduka kachinthu kakang'onong'ono ka madzi, kamene asayansi amati molekyulu, n'kumafotokoza ulendo wake wapansi ndi wakumwamba.

Matendawa anamuyamba ali wamng'ono. Anzake akuthamangitsa mpira, iye ankakhala pansi pa chingwe choyanikira zovala kudikira kuti agwire wakuba amene amaba madzi m'malaya. Mvula ikakata ankalemba mzere ndi khala kuzungulira chithaphwi, n'kumabwerako masana kudzaona pamene chafika. Mayi ake anadzandifunsa tsiku lina kuti, "Achimwene, mwana uyu mutu wake ukuyenda bwino?" Ine ndinati, "Musiyeni. Ena amaweta mbuzi, uyu aziweta zithaphwi. Sizidya za eni."

Anaphunzira, anapita ku koleji, anabwerako ndi tayi yaitali kuposa iye mwini. Anakwatira mkazi woleza mtima, amene mpaka lero amatchera ndowa pakati pa balaza chifukwa mwamuna wake akaona denga likudontha amangoti, "Asiyeni, akungodutsa." Ana amamukonda. Samenya, sakalipa. Chida chake ndi mawu. Akatsitsa mawu, ngakhale ntchentche zimatera kuti zimve.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali m'kalasimo ine mwini ndi makutu angawa, chifukwa ine ndine kalipentala ndipo ahedi anandipatsa ntchito yokonza madesiki ogwedera. Ndinali kumbuyo ndi hamala yanga. Kunja dzuwa linali lakuti nkhuku zinkaikira mazira ophikaphika. Malata ankalira okha, tha, tha, ngati wina akuyendapo. Mphwanga analowa, anatseka chitseko, anandiyang'ana.

"Malume, hamala ipume kaye."

"Ipume ndi ya boma?"

"Malume."

Ndinaiika pansi. Anafufuta bolodi lonse, anaika kapu ya madzi patebulo, n'kuima kumbuyo kwake mpaka ana anasiya kutakataka. Atatsegula pakamwa, mawuwo sanali ake. Anali otsika, ozizira, ngati ochokera m'chitsime.

"Musandiyang'ane kumaso, sindili kumeneko. Ndili m'kapumu. Ndine molekyulu ya madzi. Ndine wamng'ono moti m'dontho limodzi timakhalamo ochuluka kuposa anthu onse amene anabadwapo padziko. Ndine wamkulu kuposa agogo anu, kuposa sukulu ino, kuposa mtengo uliwonse umene munauonapo.

"Ndinali m'nyanja ya mchere, pamwamba penipeni, titagwirana ndi anzanga. Dzuwa linatiwotcha. Tikatenthedwa ife timanjenjemera, ndipo ine ndinanjenjemera mpaka anzanga anandiphonya. Ndinachoka. Palibe anandiona, chifukwa ndikakhala ndekhandekha mumpweya sindioneka. Panopa ndili nanu m'kalasi muno, pakati pa mphuno yako ndi khutu la mnzako."

Kamtsikana kena kanagwira khutu lake.

"Mpweya wotentha unandinyamula kupita kumwamba. Kumwamba kumazizira. Kuzizira kukatigwira timafooka, timafuna pogwira. Ndinapeza kafumbi kakuyandama, ndinakakamira. Anabwera anzanga, anakakamiranso, mpaka tinakhala kadontho. Timadontho tambirimbiri tikasonkhana, inu pansi mumaloza n'kumati mtambo. Tinagundana, tinaphatikana, tinalemera, mpweya unalephera kutinyamula. Tinagwa.

"Anzanga ena anathamanga pamwamba pa nthaka kupita kumtsinje. Ena mizu inawayamwa, anakwera m'mitengo, anatulukira m'masamba n'kubwerera kumwamba. Ine ndinalowa pansi. Pansi kulibe dzuwa, kulibe mphepo. Umangokwawa pakati pa mchenga ndi ming'alu ya miyala, pang'onopang'ono, kulowera kumunsi, zaka ndi zaka. Inu mumayenda pamwamba panga osadziwa. Kenako paipi ya mjigo inandikoka, ndinagwera m'ndowa, munthu anandimwa.

"Mwa munthu mumatentha, muli mdima wofiira, ndipo muli ng'oma imene sileka kulira. Thupi lanulo, kupitirira theka ndi ife. Timalowa, timatuluka. Ena amatulukira m'thukuta, ena m'misozi, ena mumpweya umene mukupumawo. Ena, pepani, amatulukira kuchimbudzi."

Ana anaseka, koma pang'ono, ngati kuseka kwa m'tchalitchi.

"Koma tsiku lina ndinalowa mwa munthu wina, ng'oma ija n'kuleka ndili m'katimo. Kunazizira. Anatinyamula, anatiimbira, anatikwirira limodzi. Iye anatsala. Ine sinditsala. Ndinatuluka pang'onopang'ono kulowa m'dothi, mvula inandipeza, ndinayambanso kukwawa kulowera kumunsi. Ndimawakumbukira onse amene ndinakhalamo. Ndimakumbukira mfumu, ndimakumbukira wakuba. Ndimakumbukira mayi wina amene ankang'ung'udza nyimbo akamachapa. Ndipo lero m'mawa," apa ananyamula kapu ija n'kuiyang'ana, "mmodzi wa inu wandimwa."

Ine amene, bambo wamkulu wandevu, ndinameza malovu n'kudzifunsa kuti ndameza ndani.

Dzanja limodzi linakwera pafupi ndi zenera. Anali mwana wa telala, kamtsikana kodekha kamene nthawi zonse kankakhala nambala wani. Mayi ake anali atamwalira masabata ochepa m'mbuyomo, ndipo n'kuti atangobwerera kumene kusukulu. Mphwanga zimenezi ankazidziwa, kumaliroko anapita. Koma nthawi imeneyo sanali mphunzitsi, anali madzi, ndipo madzi sadziwa kuti uyu ndi wamasiye.

"Aphunzitsi, manda aja ali kumtunda kwa mjigo kapena kumunsi?"

"Kumtunda. Ali kutali ndithu, koma kumtunda. Mwamuona mnzanuyu? Funso la munthu amene akumvetsera!"

Mwanayo anagwedeza mutu n'kutsitsa dzanja. Belu linalira.

Masiku otsatira ine ndinali pomwepo ndi madesiki anga, ndiye zina ndinaona ndekha. Pa nthawi yopuma ana ankathamangira kumjigo ngati ng'ombe, kukankhana, kumwera m'manja. Mwana wa telala ankaima patali, manja kumbuyo, n'kumayang'ana madzi akutuluka m'paipi monga mmene munthu amayang'anira basi imene akuyembekezera mlendo. Mnzake wina atamuwaza madzi mosewera, sanakuwe. Anangoyang'ana timadontho pamkono pake, osatipukuta, mpaka tinauma tokha. Kenako anayang'ana kumwamba.

Kunyumba, monga tinadzamva pambuyo pake, anakana tiyi, anakana phala. Anakana ngakhale lalanje, chifukwa aphunzitsi ananenapo kuti zipatso ndi madzi okhaokha. Ankangotafuna buledi wouma. Bambo ake ankati ndi chisoni, chidzatha. Sanaone kuti kapu imene ankamupatsa inkathiridwa bwinobwino patsinde pa duwa, osati kutayidwa, kuthiridwa, ndi manja awiri.

M'mawa wina ana ali pamzere, mwanayo anangoti khwefu pansi.

Masana a tsikulo ndinali kwa mphwanga, ndikumuthandiza kumaliza ndiwo monga mwa udindo wa malume, pamene chitseko chinatseguka popanda odi. Anali telala. Tepi yoyezera ili m'khosi, sizasi ili m'manja, ataiwala kuisiya. Mkazi wa mphwanga ataona sizasiyo anaima kutsogolo kwa mwamuna wake, n'kumubisa yense.

"Aphunzitsi, mwamuuza chiyani mwana wanga?"

"Bambo, khalani pansi kaye."

"Sindikhala. Ali kuchipatala. Amuika diripi, wazula. Amuikanso, wazulanso. Anesi amufunsa chifukwa, akuti kafunseni aphunzitsi. Ndiye ndabwera kudzafunsa. Mayi ake ndakwirira mwezi watha. Mukufuna ndikwirirenso uyu?"

Mphwanga ananyamuka osasamba m'manja. Ine ndinatsatira, sizasi ndinailanda mwaulemu panjira.

Chipatalacho ndi chaching'ono: khonde lalitali, benchi, zipinda zingapo zonunkha mankhwala okolopera. Mwanayo anagona pabedi la pakona, pafupi ndi zenera lamagalasi osweka. Maso anali atalowa m'kati. Milomo inali itang'ambika ngati matope a padambo louma. Pamwamba pake thumba la diripi linkalendewera, kapaipi kake kakudonthezera pansi, dontho, dontho, ndipo iye ankatsatira dontho lililonse ndi maso.

Anesi, mayi wamkulu thupi wamawu ngati wapolisi, anatsina khungu la pamimba pa mwanayo kuti tione. Linaima chiimire, osabwerera msanga.

"Mwaona? Mwana wauma uyu. Chibwerereni sanakodze. Ndiye inu ndinu aphunzitsi ake? Ndimayesa kubwera munthu wamkulu. Tamverani. Dzuwa likalowa asanamwe, ndimumanga manja, ndiitana ambulansi, apite kuchipatala chachikulu."

Mwanayo anatembenukira kukhoma. Telala ananong'ona kuti, "Ndi kumene anafera mayi ake."

Mphwanga anakhala m'mphepete mwa bedi. Bedilo silinamve n'komwe.

"Mwanawe, ija inali nthano chabe."

Mwanayo anayankha osatembenuka, mawu ake ngati pepala likukhwekhwerezeka pansi. "Ndiye munanama? Madzi sazungulira?"

"Amazungulira."

"Salowa mwa anthu?"

"Amalowa."

"Munthu akamwalira, madzi ake satuluka?"

Mphwanga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Amatuluka," anatero.

"Ndiye simunaname."

Telala anatulutsa botolo la madzi ogula m'sitolo, losatsegula. "Taona mwanangu, awa si a pamjigo. Achokera kutali, kufakitale. Taona chitsekerero."

"Mitambo imayenda, ababa."

Anesi anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwaphunzitsa bwino, aphunzitsi. Apatseni mendulo."

Mphwanga anawerama. "Ukuopa kuti akudwalitsa? Dothi limasefa, ndipo manda ali kutali. Kapena ukunyansidwa?"

Apa mwanayo anatembenuka. Anamuyang'ana mphunzitsi wake ngati iye ndiye mwana wosamva.

"Amayi anga sangandinyanse."

"Nanga bwanji?"

"Munati mukalowa mwa munthu mumatulukanso. Ndikawamwa, ndikawasiya kuchimbudzi."

Diripi ija inapitiriza kudontha pansi. Telala anakhala pa mpando pang'onopang'ono, n'kuphimba nkhope ndi manja. Panja mbalame ina inkalira mawu amodzimodzi. Ine m'moyo mwanga ndanenapo mabodza okwana kudzaza lole, koma nthawi imeneyo ndinafufuza m'matumba monse, sindinapeze ngakhale limodzi lothandiza.

Mphwanga anayang'ana manja ake. Kenako anati, "Anesi, muli ndi ketulo?"

"Mukufuna tiyi? Pano?"

"Ketulo, mchere, mbale yachitsulo, kansalu konyowa ndi kapu yoyera. Malume, katapeni dothi panja, lofiira lija."

"Ine kalipentala wamkulu ndikatape dothi?"

"Malume."

Ndinapita. Pobwera ndinapeza anesi abweretsa ketulo yawo yamagetsi, akung'ung'udza kuti ikapsa agula yatsopano ndi malipiro a aphunzitsi, ngati alipo. Mphwanga anaiika pa kampando pafupi ndi bedi, anathiramo madzi, n'kumupatsa mwanayo dothi lija.

"Thira wekha. Lonse. Tsopano mchere. Wonjezera. Usaumire, si wako."

Mwanayo anathira. Mphwanga anavundula ndi supuni mpaka madziwo anafiira ngati a mumsewu.

"Malume, lawani."

"Ndakulakwira chiyani, mphwanga?"

Ndinalawa kunsonga kwa supuni. Ndikukuuzani, lilime langa linafuna kusamuka. Ndinaona makolo anga onse atandandalika pamzere akundibayibitsa. Nkhope imene ndinapanga inachititsa kuti pakona pa mlomo wa mwanayo pagwedezeke pang'ono.

Mphwanga anayatsa ketulo, chivindikiro atachitsegula pang'ono kuti isazime yokha. Tinadikira. Inayamba kulira chapansipansi, ngati munthu akubuula m'chipinda china. Kenako nthunzi inatuluka.

"Yang'ana pakamwa penipeni pa ketulo," anatero mphwanga. "Ukuona chiyani?"

"Palibe."

"Pamenepo ndi pamene ali okhaokha, saoneka. Utsi woyerawo ndi pamene ayamba kale kuzizira n'kugwirana. Kamtambo kako ndi kameneko."

Anayala kansalu konyowa pamsana pa mbale kuti izizizira, n'kuipendeketsa pamwamba pa nthunziyo. Pansi pa mbaleyo panachita chifunga, kenako timadontho, kenako timadonthoto tinayamba kuthamangitsana kutsikira m'mphepete. Telala anatchera kapu. Dontho loyamba linagwa, lachiwiri, lachitatu. Zinatenga nthawi, mikono ya mphwanga inatopa, anesi ananyowetsanso kansalu kangapo osapemphedwa. M'kapumo munasonkhana madzi okwana masupuni ochepa, oyera mbee.

"Dothi lako lili kuti?"

Mwanayo anasuzumira m'kapu. "Mulibe."

"Malume, lawani."

Ndinaviika chala. "Mulibe mchere. Mulibe chilichonse. Akungofanana ndi tiyi wa kwa mphwanga."

Mphwanga anazimitsa ketulo, anatsegula chivindikiro, anamuonetsa mwanayo matope ofiira amene anatsala pansi. Kenako anaika kapu ija pa kampando, anaima kumbuyo kwake, n'kutsitsa mawu. Tsitsi langa linaima. Mawu a m'chitsime aja anabwerera, m'chipinda cha chipatala, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ndine molekyulu uja. Ndabwera kudzakonza mawu. Za dzuwa ndinanena zoona, za mtambo zoona, za pansi pa nthaka zoona. Koma pamalo amodzi ndinanama. Ndinati ndimakumbukira. Sindikumbukira kanthu. Ndilibe makutu omvera nyimbo, ndilibe mutu wosungira, ndilibe thumba lonyamulira. Waona wekha, ngakhale kamchere sindinathe kukwera nako. Ine ndi anzanga tonse ndife ofanana ndendende. Amene anakhalapo mwa mayi ako ndi amene anakhala mwa chule, sungatisiyanitse, ifenso sitingadzisiyanitse. Mwa mayi ako sitinali eni nyumba. Tinkangodutsa, ena kulowa m'mawa, ena kutuluka madzulo, moyo wawo wonse. Akamapuma usiku iwe utagona pambali pawo, tinkatuluka mwa iwo n'kulowa mwa iwe. Uli khanda unkatiyamwa kuchokera m'thupi mwawo."

"Ndipo unkatulutsa pompo," anatero telala mwadzidzidzi. "Pamsana pawo. Tsiku lina unanyowetsa nsalu ya suti ya kasitomala, yodula, ine nditangoidula kumene. Mayi ako anaseka mpaka anakhala pansi. Anati mwanayu wayamba kale kuchapa."

Mwanayo anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kapu.

"Ndiye m'menemu mulibe amayi?"

"Mulibe," anatero mphwanga, ndi mawu ake enieni tsopano.

"Pamjigo?"

"Mulibe."

"Mvula ikadzabwera?"

Ndinayang'ana mphwanga. Ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa inenso ndinachiona pankhope pa mwanayo: sankangoopa ayi, ankadikiranso. Masiku onsewa ankayang'ana kumwamba, ankadikira mvula yoyamba kuti aime panja mayi ake amugwe pamutu. Mawu amodzi okoma akanamusangalatsa. Koma mawu okoma ndi amene anamugoneka pabedipo.

"Ngakhale mumvula mulibe, mwanawe. Ndi madzi basi."

"Nanga ali kuti?"

"Kumeneko sayansi yanga sifikako. Ufunse bambo ako, akuuza zimene amakhulupirira. Ine ndikudziwa kumene kulibe."

Mwanayo analira. Sindinaonepo kulira kotero ndipo sindifuna kudzakuonanso. Pakamwa panatseguka, mapewa ankagwedezeka, mawu ankatuluka, koma m'maso munali mouma gwa. Thupi linalibe madzi olirira. Bambo ake anamukumbatira, tepi ija ikulendewera pakati pawo. Anesi anatembenukira kuzenera n'kuyamba kukonza katani imene inali yokonzeka kale.

Mwanayo atatopa, anatambasula dzanja. Telala anamupatsa kapu. Anaigwira ndi manja awiri, anayang'anamo, anayang'ana mphunzitsi wake kamodzinso. Mphwanga anapukusa mutu pang'ono: mulibe. Mwanayo anamwa. Tonse tinamva madziwo akutsika kukhosi.

"Enanso," anatero.

"Pang'onopang'ono, iwe, ungasanze," anatero anesi, atafika kale ndi jagi ya madzi a mchere ndi shuga amene amapatsa odwala otha madzi m'thupi. "Supuni imodzi imodzi. Ndipo dzanja ilo libwere kuno, diripi yanga ibwerere pamalo pake. Ukazulanso ndikulumikiza kwa aphunzitsi akowa, mwina anganenepeko."

Anatitulutsa tonse kupatula bambo ake. Tinakhala pabenchi la pakhonde, ine ndi mphwanga, dzuwa likupendeka. Anesi anati kumwa kokha si umboni, umboni ndi wakuti thupi liyambenso kutulutsa, ndipo za ambulansi sanazichotse m'mutu. Ndiye tinadikira. Amuna awiri akuluakulu, wina wa satifiketi ya boma, kudikira kuti mwana wa eni akodze.

Ndinayesa kumuseketsa mphwanga. Ndinati chaka chamawa asanduke mwala, miyala siyenda m'matupi a anthu. Sanaseke. Anangoti, "Ndinaikamo kukumbukira kuja kuti ana asagone, malume. Nthano yopanda zimenezo imauma."

"Iume nthano," ndinatero. "Ana asaume."

Ndipo ndi mmene zilili mpaka pano. Akadali pasukulu pomwe paja, akadasandukabe madzi chaka chilichonse, koma molekyulu yake masiku ano imanena poyambirira pomwe kuti ilibe mutu. Ana a masiku ano amati nthanoyo ndi yabwino. Akuluakulu awo amene anamva yakale amati yatha mchere.

Mithunzi ya mizati itafika pakhoma, chitseko chinatseguka. Anatuluka anesi atanyamula thumba la diripi m'mwamba, mwanayo akuyenda pang'onopang'ono pambali pawo, bambo ake pambuyo. Analunjika kumapeto kwa khonde. Pakhomo pa chimbudzi mwanayo anaima. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko, ndipo palibe anamufulumizitsa, ngakhale anesi amene. Khonde lonse linali chete moti ndinkamva mpopi wina ukudontha kuseri kwa nyumba. Kenako anakankha chitseko, analowa, anesi anatsatira.

Telala anatsala panja, chipumi atachitsamiritsa kukhoma.

Patapita kanthawi anesi anasuzumira. "Zatheka. Ambulansi igone."

Telala anatsetsereka ndi khoma mpaka anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale, n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mphwanga anatsala pabenchi. Mayi wina wokolopa, poona mmene nkhope yake inalili, anamutungira madzi m'kapu yapulasitiki n'kumupatsa. Anathokoza. Anaikweza kufika pamlomo, n'kuima.

"Imwa, mphwanga," ndinatero. "Mulibe aliyense."

"Ndikudziwa, malume."

Koma anayang'anabe m'kapumo kwa kanthawi ndithu asanamwe.